Mphunzitsi Amene Anati Alibe Kumudzi

Ku koleji ya zauphunzitsi tinaphunzitsidwa kuti munthu akaima pamaso pa anthu amene sakumudziwa, chipinda chimauma ngati chikopa chosafufuta, ndipo nthabwala yopepuka ingathe kuchifewetsa. Mphunzitsi wathu ankanenetsa kuti nthabwalayo ikhale imodzi yokha, ikhale yaifupi, ndipo igwere wolankhulayo, osati omvera. Anthu akaseka, iwe usaseke nawo nthawi yaitali. Lowa m'nkhani yako mano awo asanabisike.

Ine sindine munthu wa nthabwala, ndipo langizo limeneli sindinaligwiritsepo ntchito pa moyo wanga wonse wa m'kalasi. Komabe ndinalisunga monga momwe ndinasungira zina zonse za ku koleji. Tsiku lina Loweruka, amayi a mumpingo wathu ku Sizinda, mumzinda wa Bulawayo, atandipempha kuti ndilangize atsikana za kayankhidwe ka intaviyu, ndinalipereka kwa iwo lonse lathunthu, pamodzi ndi za kutalika kwa siketi ndi za kufika nthawi isanakwane. Ndinawauza kuti, “Ngati mwafuna kuseketsa anthu, dzisekeni nokha. Wodziseka yekha salakwira munthu.” Atsikana ena analemba mawuwo m'makope. Ndinapita kunyumba ndili wokhutira kuti ndagwira ntchito yabwino.

Patapita chaka, sukulu imene ndimaphunzitsako ku Cowdray Park inafuna mphunzitsi wa kalasi ya ana a zaka zisanu. Ndi sukulu ya mpingo wina, osati wathu, ndipo imalemba yokha aphunzitsi ake. Ofunsa mafunso tinali atatu: ahedi, ine monga woyang'anira makalasi a ana aang'ono, ndi wapampando wa komiti ya makolo, amene tonse tinkawatchula kuti atcheya. Atcheya anali bambo wa thupi, wogulitsa simenti ndi malata kwa anthu omanga nyumba m'dera lathulo, ndipo ankakonda kuseka asanamalize kumva chimene chikuseketsa.

Dongosolo ndinalikonza ndine. Munthu aliyense anali ndi mphindi makumi awiri: khumi zoyamba zoti ationetse momwe angaphunzitsire ana kuwerenga manambala, ife atatu titakhala ngati anawo, ndipo khumi zotsalazo zoti ayankhe mafunso anayi, ofanana kwa onse. Aliyense wa ife anali ndi pepala lake la malikisi, ndipo pamapeto tonse atatu tinayenera kusainira pepala limodzi lopita kwa akuluakulu a mpingo. Wotchi inali kwa ine. Ndinaivula pamkono n'kuiika patebulo, pafupi ndi cholembera.

Pa mayina asanu amene anaitanidwa, lachinayi ndinalidziwa. Anali mmodzi wa atsikana aja a ku Sizinda, mdzukulu wa anthu ochokera ku Malawi monga ine, woleredwa ndi agogo ake aakazi. Anali atamaliza maphunziro a zauphunzitsi zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo chimalizireni ankagulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi poimira makombi, maminibasi a kuno. Ndinauza anzanga tisanayambe kuti mtsikanayo ndimapemphera naye, ndipo ngati akuona kuti n'koyenera, ndituluke nthawi yake ikakwana.

“Mama, mu Bulawayo muno ndani sadziwa mnzake?” anatero atcheya. “Mukatuluka inu, wotchi atigwirira ndani? Khalani.”

Tinkalankhula Chindebele ndi Chingerezi tsiku limenelo, monga timachitira masiku onse pasukulupo. Ndikulemba zonse m'Chichewa chifukwa ndi mmene zinakhalira mumtima mwanga.

Awiri oyamba sanasiye chokumbukika. Wachitatu anali mnyamata wamtali, wa tayi yobwereka. Atalowa anayang'ana mapazi ake, nati, “Mundikhululukire nsapatozi. Pochoka kunyumba zinali zakuda, koma msewu wa Cowdray Park wandipatsa zofiira.” Tonse tinayang'ana nsapato zathu, ndipo zinali zofiira chimodzimodzi. Ahedi anaseka, atcheya anaseka, ngakhale ine ndinamva mapewa anga akutsika. Mnyamatayo sanadikire kuti timalize. Anali atayamba kale kujambula malalanje atatu pabolodi. Umu ndi momwe chinthuchi chimayenera kuyendera. Fumbilo linali lathu tonse, silinachepse munthu, ndipo linatha m'masekondi ochepa. Phunziro lake linali lapakatikati. Ankalankhula kwambiri, ndipo ana a zaka zisanu samvera munthu wolankhula kwambiri.

Kenaka analowa mtsikana uja. Anavala monga ndinawalangizira, ndipo ananyamula katoni imene munali zitsekerero za mabotolo zopakidwa utoto wamitundu, ndi makadi a manambala odulidwa bwino kwambiri moti ndinadziwa kuti anathera masiku akuwakonza. Anaika katoniyo pansi, natipatsa moni mwaulemu, napuma mpweya. Ndinadina wotchi.

“Ndisanayambe,” anatero akumwetulira, “pali ubwino umodzi wondilemba ine ntchito. Dzina langa mwaliona, ndine wa ku Nyasalande. Ndilibe kumudzi. Sindidzakupemphani masiku opita kukalima, kapena kukaona ng'ombe, kapena kukaika maliro ku Tsholotsho. Ekhaya kwanga ndi kombi ziwiri basi, ndipo madzulo ndabwerako.”

Chipinda chinaphulika ndi kuseka. Atcheya anamenya tebulo mpaka cholembera changa chinagubuduka. Ahedi, amene ndi munthu wodekha, anavula magalasi kuti apukute misozi.

Kuti wowerenga amvetse chimene chinandichitikira, ndiyenera kunena za bambo anga. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nadzagwira ntchito ku njanji, napatsidwa nyumba ku Sizinda monga anzawo ambiri. Pansi pa bedi lawo panali bokosi lachitsulo limene ankasungamo zinthu zokapereka kwawo: mabulangete awiri osafunda, nsapato za mlongo wawo, ndi jekete imene ankati adzavala potsika basi. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Kwawoko anthu otere amawatchula kuti matchona, anthu amene anapita n'kuiwala njira. Kuno ankawatchula mayina ena. M'mzinda uno munthu akakufunsa kuti ekhaya ndi kuti, sakufunsa nyumba imene umagona; akufunsa mudzi umene muli manda a makolo ako, ndipo ukapanda yankho amakuyang'ana ngati nkhuku yopanda khola. Ndili mwana, sukulu zikatsekera anzanga ankakwera mabasi kupita kumidzi yawo, ndipo potsegulira ankatifunsa ife a ku Sizinda ngati tinakalima pakati pa njanji. Bambo anga anaikidwa kumanda a ku Luveve, ndipo jekete ija tinawaveka m'bokosi la maliro, chifukwa kunalibe kwina koivalira.

Zimenezi ndi zimene mtsikanayo anaika patebulo kuti anthu awiri aseke. Nkhani ya agogo ake omwe, amene anali moyo ndipo mwina anamusitira bulauzi m'mawa umenewo. Ndinanyansidwa monga munthu amanyansidwira akapeza ntchentche m'kapu atamwa kale theka. Ndipo pansi pa kunyansidwako panali china choipirapo: ndinazindikira mawu anga. Wodziseka yekha salakwira munthu. Mwanayo anachita chimene ndinamuuza. Kungoti pofunafuna chodziseka nacho, sanapeze nsapato. Anapeza mtundu wake.

Ndiyenera kunenanso kuti dzina limene ndimadziwika nalo pasukulupo ndi la amuna anga, amene ndi Mndebele wa ku Nkayi. Chindebele changa chilibe chilema. Pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ndi ahedi ndi atcheya, palibe anandifunsa za kumene ndinabadwira, ndipo ine sindinaone chifukwa chodzinenera. Sindinaname kwa munthu. Ndinangokhala chete, ndipo m'chipinda muja ndinakhalanso chete.

Mtsikanayo anawerama kuti atulutse zitsekerero zake, monga momwe langizo limanenera: akaseka, lowa m'nkhani. Koma langizolo silinena chochita ngati wamkulu m'chipindamo sakufuna kuti nthabwala ithe.

“Dikirani, dikirani, achimwene,” anatero atcheya, akutchula mawuwo mokoka ngati momwe anthu a kuno amatitchulira pofuna kutinyoza. Sanadziwe n'komwe kuti mkazi satchulidwa choncho. “Ndiye mukamwalira amakuikani kuti? M'kombi momwemo?”

Mtsikanayo anaseka. Akanatani? Munthu wofuna ntchito amaseka chilichonse chimene wolemba ntchito waseka.

“Ku Luveve, baba,” anayankha. “Tsopano ana, tiyeni titenge zitsekerero zofiira...”

“Ife tinali ndi wam'munda wa kwanuko,” anapitiriza atcheya, atatembenukira kwa ahedi. “Munthu wabwino kwabasi, koma njinga ankaikonda kuposa mkazi wake. Mvula ikagwa ankalowetsa njinga m'nyumba, mkazi n'kutsala pakhonde!” Apa anayamba kutsanzira kalankhulidwe ka bamboyo m'Chilapalapa, chilankhulo chija cha m'migodi chimene azungu ankalamulira nacho antchito. Bambo anga ankachidziwa bwino, koma sanalole kuti chimveke m'nyumba mwawo ngakhale tsiku limodzi.

Anafunsa ngati ana athu sadzayamba kuvina zigure, dzina la kuno la gule wamkulu, pa nthawi yopuma. Anafunsa ngati ndi zoona kuti anthu a kwathu amadya mbewa ndi ubweya womwe. Anafunsa ngati mtsikanayo ali ndi mankhwala okopera ntchito m'katonimo, ndipo anadzuka n'kusuzumiramo. Funso lililonse linkatsatidwa ndi kuseka kwawo komwe, ndipo malovu ankagwera papepala la malikisi. Ahedi anali atasiya kuseka, koma ankangomwetulira moyang'ana pansi, monga amachitira anthu amene malata a sukulu yawo anaperekedwa ndi wolankhulayo. Mtsikanayo anaima ndi zitsekerero zitatu m'dzanja, akumwetulira kumwetulira kouma kumene kunkaoneka kuti kukumupweteka m'masaya. Kawiri konse anayesa kunena kuti “Tsopano ana,” ndipo kawiri konse anadulidwa.

Ine ndinkayang'ana wotchi. Ndinaona mphindi yachinayi ikudutsa, yachisanu ndi chimodzi, yachisanu ndi chitatu. Udindo woletsa zimenezi unali wanga, wolembedwa ndi dzanja langa lomwe m'dongosolo. Sindinatsegule pakamwa. Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake, ndipo yankho silindikomera: ndinali nditakwiyira mtsikanayo kuposa atcheya, ndipo mbali ina ya mtima wanga inkati amve kuwawa kwa moto umene wayatsa yekha. Mphindi khumi zitakwana ndinati, “Nthawi ya phunziro yatha,” ndi mawu anga a masiku onse. Anali ataphunzitsa kwa mphindi zosakwana ziwiri. Mafunso anayi aja anawayankha mwachidule, mawu ake atachepa, ndipo anatola katoni yake natuluka.

Wachisanu atamaliza, tinatseka chitseko kuti tiphatikize malikisi. Mnyamata wa nsapato zofiira anali patsogolo. Pa gawo la kaphunzitsidwe, atcheya anali atapatsa mtsikanayo malikisi awiri pa khumi, ahedi anayi, ndipo ine ndinali ndisanalembe kanthu.

“Mtsikana uja ndi wosangalatsa, ndamukonda,” anatero atcheya. “Koma si wokhazikika. Wabwera kudzachita sewero. Mwaona kuti sanaphunzitse chilichonse? Ndiponso makolo a kuno amafuna munthu woti ana atolereko Chindebele chenicheni. Amenewa kunyumba kwawo amalankhula zina.”

Mwana ameneyo anabadwira m'chipatala cha mumzinda muno, ndipo Chindebele ndicho chilankhulo chimene amalotera. Chichewa chake n'chothyokathyoka moti agogo ake amachita kumuseka. Atcheya anamumva akulankhula kwa mphindi makumi awiri osapeza cholakwika, koma tsopano khutu lawo linali litamva zimene nthabwala inawauza kuti amve.

Anakankhira pepala losainira kwa ine. Ndinaliyang'ana, ndipo ndinabweza chivindikiro pa cholembera changa.

“Sindisaina, baba.”

“Chavuta n'chiyani, mama?”

“Anthu anayi apatsidwa mphindi khumi zophunzitsa. Mmodzi wapatsidwa ziwiri. Wolakwa woyamba ndine, chifukwa wotchi inali kwa ine. Koma sindingalembe malikisi a phunziro limene sindinalione.”

“Hawu! Koma anayamba ndi iye! Ife tangomuthandiza kuseka.”

“Anayamba ndi iye, ndipo sanachite bwino. Koma iye ananena imodzi. Zotsalazo zinali zanu.” Ndinawakankhira pepala lija. “Ndiponso mudziwe kuti bambo anga anali a ku Ntcheu. Ali ku Luveve, kumene munafunsa kuja. Sanaikidwe m'kombi.”

Ahedi anavalanso magalasi. Atcheya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufunafuna chizindikiro chimene anachiphonya zaka zonsezi.

“Inu, mama? Koma simuoneka choncho ayi! Inu ndinu munthu waulemu wake.”

Ankaganiza kuti akundiyamikira. Pa zonse zimene zinanenedwa tsiku limenelo, mawu amenewa ndi amene amandibwererabe mpaka lero. Ndinatembenukira kwa ahedi n'kuwauza kuti pali njira ziwiri: mtsikanayo aitanidwenso apatsidwe mphindi zake khumi, kapena pepala lipite kwa akuluakulu a mpingo lili ndi masaini awiri ndi kalata yanga yofotokoza chifukwa chake. Ahedi amaopa makalata kuposa momwe amaopera atcheya. Anati ngati mtsikanayo akadali pafupi, abwere.

Foni yake sinkayankhidwa. Ndinatuluka ndekha, kudutsa pamzere wa zigubu za anthu odikira madzi pachitsime, mpaka poimira makombi. Ndinamupeza atakhala pa njerwa za nyumba ina yosamalizidwa, katoni ili pamiyendo. Sanali kulira. Atandiona anaimirira.

“Tiye,” ndinatero m'Chichewa. “Ukaphunzitse phunziro lako. Ulendo uno palibe akudule.”

Sanasunthe msanga. Ine ndinalephera kudzigwira.

“Koma mwanawe, zinali zotani zija? Agogo ako akanamva, ukanawayang'ana bwanji kumaso?”

“Si munatiuza ndinu, mama?” anayankha, Chichewa chake chikutsamira ku Chindebele. “Munati tidziseke tokha.”

“Ndinati udziseke wekha. Sindinati useke manda a anthu.”

“Nanga ine ndekha ndine chiyani? Akangowerenga dzina langa amakhala atayamba kale kuseka m'mimba. Iyi ndi intaviyu yachisanu ndi chimodzi, mama. Kwina konseko ndinkalowa mwaulemu, osanena kanthu, iwo n'kumayang'anana. Lero ndinati bola ndinene ndine, asanandinenere kumbuyo.” Anakonza katoni m'manja mwake, nayang'ana kumsewu. “Inu zimakupepukirani. Muli ndi dzina la baba, amuna anu, lobisalamo. Ine ndilibe.”

Palibe mwana anandilankhulapo chotero, ndipo tsiku lina lililonse ndikanamudzudzula. Ndinaima m'fumbi muja, kondakitala wa kombi akukuwa kuti kwatsala malo a munthu mmodzi, ndipo sindinapeze cholakwika m'mawu ake choti ndichigwire. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Mwanayo anauzidwa kuyambira ali wakhanda kuti dzina lake ndi loipa, ndipo anaphunzira nyimbo imene eni mzinda amakonda kumva. Zimenezi sizinachotse kunyansidwa kwanga. Zinangokugawa, kuti gawo lalikulu ligwere ine.

“Tiye,” ndinabwereza. “Ndipo usanene nthabwala.”

Chipinda chimene tinabwereramo chinali chouma kuposa china chilichonse chimene ndinalowamo. Atcheya anapinda manja pamimba, akuyang'ana pazenera. Ahedi ankawerenga pepala limene analiwerenga kale. Apa m'pamene nthabwala yeniyeni yopepuka ikanathandiza, koma mwayi wake unali utawonongedwa. Mtsikanayo anayamba moipa. Anagwetsa makadi awiri, ndipo mawu ake sankamveka bwino. Ine sindinamuthandize, sikukanakhala chilungamo kwa anzake anayi aja.

Kenaka anachita chinthu chimene aphunzitsi enieni a ana aang'ono amachita osaganiza: anagwada pansi, kuti maso ake afanane ndi a ana amene kunalibe. Anandandalika zitsekerero zitatu zofiira pamphepete pa tebulo, napatsa aliyense wa ife zodzaza dzanja. Anatiuza kuti tigwire chilichonse ndi chala pochiwerenga, chimodzi, ziwiri, zitatu, kenaka anazitalikitsa n'kufunsa ngati tsopano zachuluka. Funso limeneli ndi la munthu wodziwa mutu wa mwana wa zaka zisanu, chifukwa mwana amakhulupirira kuti mzere ukatalika zinthu zawonjezeka. Anabisa chimodzi pansi pa kapu, nafunsa kuti zatsala zingati, ndiponso kuti chinacho chapita kuti. Sanalembe nambala pabolodi mpaka aliyense atagwira zitatu m'manja. Atafika kwa atcheya anati, “Mwana uyu sanawerenge nawo. Tiyeni timudikire.” Ananena mofatsa, monga angauzire mwana wamanyazi, ndipo atcheya anatambasula chala chawo chonenepa n'kuwerenga zitsekerero zitatu. Palibe anaseka.

Ndinadina wotchi pa mphindi khumi zenizeni.

Atatuluka, atcheya anasintha malikisi awo kuchoka pa awiri kufika pa asanu, akudandaula kuti masiku ano munthu sungasekenso. Ahedi analemba asanu ndi anayi. Ine ndinalemba asanu ndi atatu, chifukwa cha makadi ogwa aja ndi mawu osamveka poyamba. Sindikanamupatsa zoposa zimene ndinaona. Titaphatikiza, anaposa mnyamata wa nsapato zofiira ndi malikisi awiri okha. Mnyamatayo ndimamukumbukira ndi chisoni, chifukwa iye sanalakwe kanthu, ndipo anagona tsiku limenelo osadziwa kuti kwa ola limodzi ntchito inali yake. Tonse atatu tinasaina.

Mtsikanayo anayamba ntchito teremu yotsatira, ndipo ndi mphunzitsi wabwino, woposa momwe ine ndinalili pa msinkhu wake. Koma nthabwala imene yakondweretsa munthu waudindo sifera m'chipinda. Atcheya anaifotokoza kusitolo kwawo, anaifotokozanso pamsonkhano wa makolo polandira mtsikanayo, akumusisita paphewa monga munthu amene anamutulukira. Gawo lija la mphindi khumi zimene anamulanda n'kumubwezera sanalinene. Pofika sabata yachitatu, makolo pageti ankafunsa za “misi uja wopanda kumudzi,” ndipo anali atamupatsa dzina la Chindebele lotanthauza zomwezo, lakuti Ongelakhaya. Kuchoka kwa makolo linafika kwa ana. Ana a zaka zisanu sadziwa kuti m'dzinamo muli chiyani. Amalitchula mwachikondi, akumukoka siketi kuti aone zimene ajambula.

Za ine zinamvekanso. Aphunzitsi anzanga ena anayamba kundipatsa moni wakuti “Muli bwanji” mokweza mawu, n'kudikira kuti ndiseke. Ndimawayankha mokwanira, m'Chichewa chabwino, mpaka atasowa chonena.

Tsiku lina m'mawa ndikudutsa pakhomo pa kalasi yake, ndinamva kamtsikana kena kakuitana dzina lija. Ndinalowa, n'kuimitsa kalasi yonse, ndi kuwauza ana kuti mphunzitsi wawo ali ndi dzina, ndipo alitchule katatu. Analitchula katatu momvera, akundiyang'ana ndi mantha. Mtsikanayo anandiperekeza mpaka pakhomo.

“Asiyeni, mama,” anatero motsitsa mawu. “Mukawaletsa lero, mawa alimva kunyumba. Ine ntchito ndili nayo. Agogo akudya.”

“Ndipo agogowo dzinali analimva?”

Anayang'ana choko chimene chinali m'manja mwake.

“Analimva kutchalitchi. Sanandifunse kanthu. Anangoti ndiwagulire loko watsopano wa bokosi lawo lija la pansi pa bedi, wakale wachita dzimbiri.”

Sindinadziwe kuti nawonso ali ndi bokosi. Kenaka mwana wina anakuwa m'kalasimo kuti mnzake wameza chitsekerero, ndipo anaitana ndi dzina lomwelo. Mtsikanayo anatembenuka nthawi yomweyo, nayankha kuti “Yebo,” nathamangira kwa mwanayo. Chitsekererocho chinali m'tsaya, sichinamezedwe. Ndinaima pang'ono kuonetsetsa kuti chatuluka, kenaka ndinapita kukalasi yanga, chifukwa belu linali litalira kale.